Kuwerenga zolemba za dokotala mwana akatuluka m'chipatala

Wodwala akamatulutsidwa m'chipatala, dokotala amalemba mwachidule m'buku lake la kuchipatala matenda amene anapezeka, chithandizo chimene walandira, mankhwala okamwera kunyumba ndi tsiku lobweranso. Amalemba m'Chingerezi, mofupikitsa mawu, ndipo gadiyani wotopa ndi kugona pansi m'wodi amangolipinda bukulo n'kunyamuka. Mavuto ambiri amayambira pamenepo.

Chitsanzo ndi mwana wa zaka 4, wolemera makilogalamu 16, amene anagonekedwa ndi malungo aakulu. Dzina la matenda limalembedwa kutsogolo kwa zilembo Dx. Pafupi pake pali Hb, muyeso wa magazi. Ngati pofika inali 4.6 ndipo potuluka ndi 8.2, ndiye kuti mwanayo anali ndi vuto lalikulu la kuchepa magazi, pakuti Hb yosafika pa 5 ndi yoopsa. Banja liyenera kuuzidwa mosabisa kuti magazi amene anamuwonjezera amupulumutsa, koma sanabwerere mwakale.

Mzere wa mankhwala ndi umene umafuna kudekha kwambiri:

```
LA 2 tabs BD x 3/7
R/V 2/52
```

BD ndi kawiri pa tsiku, ndipo 3/7 ndi masiku atatu, osati mapiritsi atatu kapenanso deti. Mwanayo amwe mapiritsi awiri m'mawa ndi awiri madzulo, kumwa kasanu ndi kamodzi, onse pamodzi mapiritsi 12. Mlingowu umatsata sikelo, choncho si wogawirako mng'ono wake akatentha thupi. Jakisoni wa m'wodi uja amachepetsa tizilombo msanga, koma LA ndiye amamaliza totsalira. Mwana akayamba kusewera pa tsiku lachiwiri, makolo ena amasunga mapiritsi otsala, malungo n'kuyambiranso. LA amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta, monga mkaka kapena phala lotendera. Mwana akasanza pasanathe mphindi 30, amwetsedwenso, ndipo achipatala auzidwe kuti abwezere mapiritsi operewerawo.

R/V 2/52 ndi kubwera kudzaonedwanso pakatha masabata awiri. Ulendowu si wongokwaniritsa mwambo. Magazi amatha kutsikanso patapita sabata imodzi mpaka atatu chichireni malungo aakulu, n'chifukwa chake Hb imayezedwanso. Ndi bwino namwino alembe deti lenileni m'bukumo.

Zizindikiro zina sizidikira detilo. Mwana akakomoka, akamasanza chilichonse, akalephera kumwa, akamapuma mobanika, zikhatho zikayera, maso akachita chikasu kapena mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, abwerere naye tsiku lomwelo, buku lili m'manja.

Wofotokoza asakhutire ndi "ndamva" wa gadiyani, pakuti ambiri amavomera mwaulemu chabe. Amupemphe abwereze yekha kuti mapiritsi ndi angati, nthawi yanji, mpaka liti. Afunsenso amene azimwetsa mwanayo kunyumba, chifukwa nthawi zina wodikirira kuchipatala amakhala agogo, pamene womwetsa mankhwala ndi mayi ake.