Zizindikiro zikamalowerana pa waya: vuto lake ndi sefa zolithetsa

Uthenga wa dijito ukamayenda pa waya wa kopa, umayenda ngati timafunde ta magetsi totsatizana. Chotumizira chimakweza mphamvu ya magetsi kufika pa +1 pofuna kunena 1, ndipo chimaitsitsa kufika pa −1 pofuna kunena 0. Kafunde kalikonse ndi chizindikiro chimodzi, ndipo kali ndi nthawi yakeyake, imene akatswiri amailemba ndi chilembo T. Cholandirira sichiyang'ana waya nthawi zonse. Chimasuzumira kamodzi pa T iliyonse, n'kuona ngati mphamvuyo ili pamwamba kapena pansi pa ziro. Katumizidwe kotere, kopanda kukweza uthenga pa funde la wailesi, kamatchedwa besibandi.

Vuto ndi lakuti waya sasunga maonekedwe a kafunde. Kafunde ka makona anayi, kokwera ndi kutsika mwadzidzidzi, kamapangidwa ndi mafirikwense ambiri, ena okwera kwambiri. Waya amafooketsa okwerawo kuposa otsika, motero kafundeko kamafika kutsidya katafutukuka, kali ndi mchira wolowa m'nthawi ya anzake obwera pambuyo. Zili ngati kulankhula mofulumira m'tchalitchi chachikulu mopanda anthu: mawu oyamba akadamvekabe m'makoma, achiwiri afika kale. Uku ndiye kulowerana kwa zizindikiro, kumene mabuku a uinjiniya amakulemba mwachidule kuti ISI.

Vutoli ndi lakale kuposa makompyuta. Waya woyamba wa telegalafu wodutsa pansi pa nyanja ya Atlantic, mu 1858, unkafutukula timafunde kwambiri moti otumiza ankayenera kudikira kuti chizindikiro chimodzi chizilale asanatumize china. Ichi chinali chimodzi mwa zifukwa zimene uthenga wa Mfumukazi Victoria wopita kwa Pulezidenti James Buchanan, wa mawu 98 okha, unatengera pafupifupi maola 16.

Kuwerengera pang'ono kumaonetsa kukula kwa chiwonongekocho. Tinene kuti kafunde kalikonse kamafika ndi mphamvu 1 pa nthawi yake, n'kusiya 0.3 pa nthawi ya chizindikiro chotsatira ndi 0.1 pa nthawi ya chinzake cha patsogolo. Wina akatumiza 1, 1, 0, chizindikiro chachitatu chiyenera kuwerengedwa −1. Koma michira ya ziwiri zoyamba ikuwonjezerapo 0.3 ndi 0.1, ndipo cholandirira chikupeza −0.6. Yankho likadali lolondola, kungoti mtunda wofika pa ziro wachepa ndi magawo 4 mwa 10, kotero phokoso lochepa la magetsi likhoza kulitembenuza. Michirayo ikanakhala 0.6 ndi 0.5, cholandirira chikanapeza +0.1 n'kuwerenga 1 m'malo mwa 0, popanda phokoso lililonse. Apa m'pamene vutoli limasiyana ndi phokoso. Phokoso limagonja mphamvu ya chotumizira ikawonjezedwa, pamene kulowerana sikugonja, chifukwa mchira umakula limodzi ndi mwini wake.

Njira yothetsera anaifotokoza Harry Nyquist mu 1928, polemba za telegalafu. Iye anaona kuti palibe chifukwa chodulira mchira. Popeza cholandirira chimasuzumira pa nthawi zoikika zokha, chofunika n'chakuti mchira wa kafunde kalikonse uzidutsa pa ziro ndendende pa nthawi imene anzake akuwerengedwa. Pakati pa nthawizo timafunde tikhoza kulowerana mmene tingafunire. Anaonetsanso malire ake: njira yolola mafirikwense kuyambira pa ziro kufika pa B singanyamule zizindikiro zoposa 2B pa sekondi popanda kulowerana. Waya wolola mpaka 3,000 Hz malire ake ndi zizindikiro 6,000 pa sekondi.

Kafunde kofika pa malire amenewa kalipo m'masamu, ndipo kamalembedwa sin(πt/T)/(πt/T). Koma pa ntchito yeniyeni n'kosadalirika. Kamafuna sefa yodula mafirikwense mwadzidzidzi pa B, imene palibe angaipange ndendende, ndipo mchira wake umazilala pang'onopang'ono kwambiri. Wotchi ya cholandirira ikaphonya ndi gawo limodzi mwa 10 la T, chizindikiro choyandikana chimaponyapo pafupifupi 0.1, chachiwiri 0.05, chachitatu 0.03, n'kumapitirira motero mbali zonse ziwiri. Uthenga ukagwa moipa, michira yonse n'kukankhira mbali imodzi, zizindikiro khumi za kumbuyo ndi khumi za kutsogolo zimadya kuposa theka la mtunda wofika pa ziro. Ndipo kuwonjezerako kulibe polekezera.

N'chifukwa chake mainjiniya amagwiritsa ntchito sefa yotchedwa kosaini wokwezedwa. M'malo modula mwadzidzidzi, sefayi imatsitsa mafirikwense mwapang'onopang'ono, motsata mzere wokhota wa kosaini, mofanana mbali zonse za malire a Nyquist. Kafunde kotulukamo kamadutsabe pa ziro pa T iliyonse, koma mchira wake umazilala msanga: mtunda ukawirikiza kawiri, mchirawo umachepa pafupifupi kasanu ndi katatu, osati kawiri kokha. Mtengo wake ndi mpata woonjezera wa mafirikwense, umene umayezedwa ndi nambala α, ya pakati pa 0 ndi 1. Lamulo lake ndi B = (1 + α)/(2T). Pa waya wa 3,000 Hz uja, α ikakhala 0.25 pamadutsa zizindikiro 4,800 pa sekondi, ikakhala 0.5 pamadutsa 4,000. Ikafika pa 1 pamadutsa 3,000, theka la malire. Wopanga makina amasankha pakati pa liwiro ndi kulolera wotchi yophonya, ndipo kawirikawiri amakhala chakumunsi. Mafoni a 3G amtundu wa WCDMA amaumba timafunde tawo ndi α ya 0.22 asanatikweze pa wailesi, ndipo wailesi yakanema ya setilaiti ya DVB-S imagwiritsa ntchito 0.35.

Sefayi siikidwa yonse malo amodzi. Imagawidwa pawiri mofanana, theka ku chotumizira ndi theka ku cholandirira, moti ziwirizo zikachulukitsidwa zimabala kosaini wokwezedwa wathunthu. Theka la ku chotumizira limaletsa uthenga kusefukira m'mafirikwense osafunika, ndipo la ku cholandirira, pokhala lofanana ndi kafunde kobwera, limachotsa phokoso lambiri mmene kungathekere. Ophunzira ambiri amapunthwa apa: akayeza potulukira chotumizira amapeza kulowerana n'kuganiza kuti alakwitsa, pamene michira imagwera pa ziro uthenga ukadutsa m'theka lachiwiri. Sefa za masiku ano n'za dijito ndipo zimadula mchira pakapita zizindikiro zingapo mbali iliyonse. Zikaudula pafupi kwambiri, makamaka α ikakhala yaing'ono, kulowerana pang'ono kumatsala.

Poona ngati zonse zayenda bwino, katswiri amalumikiza osilosikopu pambuyo pa sefa ya cholandirira n'kusanjikiza zidutswa zambirimbiri za uthenga, chilichonse chotalika T ziwiri. Chithunzi chotulukapo chimaoneka ngati diso. Kutalika kwa potseguka kumanena kuchuluka kwa phokoso limene uthenga ungapirire, ndipo m'lifupi mwake mumanena mmene wotchi ingaphonyere popanda ngozi. Mizere ikakumana pa mfundo imodzi pamwamba ndi imodzi pansi, pakati penipeni pa diso, ndiye kuti kulowerana kulibe. M'chitsanzo cha 0.3 ndi 0.1 chija, mizere ya pamwamba imamwazikana kuyambira 0.6 kufika 1.4. Michira ya 0.6 ndi 0.5 imatsekeratu disolo.

Sefa youmba timafunde ili ndi malire ake. Imagwira bwino ngati waya akulola mafirikwense onse a mkati mwa B mofanana, koma waya wautali, kapena wolumikizidwa molakwika moti uthenga umabwerera, amapotozanso kafunde n'kusuntha malo amene mchira umadutsira pa ziro. Zikatero cholandirira chimafuna sefa inanso, ikwalaiza, imene imayeza michira yotsala n'kuichotsa. Robert Lucky wa ku Bell Labs anafotokoza mu 1965 ikwalaiza yodzisintha yokha malinga ndi waya amene yapeza, ndipo njira imeneyi inathandiza kuti mamodemu a pa lamya afike pa mabiti 9,600 pa sekondi.