Zoyenera Kumveka pa Bwalo la Amfumu Magetsi Akafika M'mudzi

Mapolo a MAREP, ndondomeko ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, akadzalidwa ndipo thiransifoma ikakwezedwa pafupi ndi sukulu kapena pamsika, amfumu amaitanitsa msonkhano. Kawirikawiri nkhani imathera pa mtengo wolumikizira ndi tsiku limene magetsi adzayake. Koma walira mvula walira matope. Pakapita miyezi ingapo mumatulukira mnyamata wonyamula pulayazi, amene amanong'oneza eni nyumba kuti akhoza kukonza mita kuti mayunitsi asamathe. Msonkhano wabwino uyenera kumufika patsogolo mnyamata ameneyo. Aliyense amene wapatsidwa mpata wolankhula pa bwalo, kaya ndi mphunzitsi, wa komiti ya chitukuko kapena wodziwa za magetsi, afotokoze bwino chinthu chimodzi: waya wolambalala mita ndi wosatetezedwa, ndipo ngozi yake imagwera mudzi wonse.

Kuopseza anthu ndi polisi kokha sikugwira mtima. Anthu amasunga chimene amvetsa, choncho ndi bwino kuyamba ndi njira imene magetsi amadutsa. Wolankhula akapereka ulemu, akhoza kunena chonchi:

"Zikomo a Gulupu, anyakwawa, amayi ndi abambo nonse. Magetsi awa achokera kutali. Ambiri amapangidwa ndi a EGENCO pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo amene amatibweretsera ndi a ESCOM. Mawaya am'mwamba aja amanyamula mavoliti 11,000 kapena 33,000. Thiransifoma yathu imawatsitsa kufika pa mavoliti 230 amene amalowa m'nyumba. Asanafike pa soketi yanu amadutsa pa mita, kenako pa bokosi la mabuleka. Mita imawerenga. Buleka ndi mlonda: ikaona kuti waya wasenza mopitirira, imathimitsa magetsi nyumba isanapse."

Apa m'pofunika kuchedwapo, chifukwa ambiri amaganiza kuti mavoliti 230 ndi ochepa. Chimene chimapha munthu ndi mphamvu yodutsa m'thupi, imene imayezedwa m'maampu. Maampu 0.03 okha akadutsa pachifuwa angathe kusokoneza kugunda kwa mtima, pomwe kababu kakang'ono ka mawati 9 kamakoka pafupifupi maampu 0.04. Ndiye kuti mphamvu yoyatsa babu limodzi ikukwana kupha bambo wathanzi. Nyesi imakhwimitsanso minofu ya dzanja, moti wogwira waya amaufumbata m'malo mousiya. Ngozi imakula munthu akakhala wosavala nsapato, pa dothi lonyowa kapena pa simenti yongokolopa. N'chifukwa chake nyumba yoyalidwa bwino mawaya imakhala ndi waya wolowa m'nthaka, komanso buleka yapadera imene imadula magetsi m'kuphethira kwa diso ikazindikira kuti maampu 0.03 akuthawira kwina.

Nanga wokonza mita uja amachita chiyani? Kawirikawiri amasenda waya wochokera pa polo usanafike pa mita, n'kupotokolerapo waya wina wolunjika ku hotipuleti kapena ku soketi ya kuseri. Waya wotere walambalala mita, koma walambalalanso mlonda uja. Chotetezera chotsala ndi fyuzi yaikulu ya ku thiransifoma, imene inaikidwa kuti iteteze chingwe cha mudzi wonse. Kawaya ka m'nyumba kamasungunuka fyuzi imeneyo isanamve kanthu.

Tiyeni titenge nyumba imodzi. Mayi ali ndi hotipuleti ya mbale ziwiri, iliyonse ya mawati 1,000. Zonse zikayaka ndi mawati 2,000, ndipo tikagawa ndi mavoliti 230 tipeza pafupifupi maampu 9. Waya woyenera masoketi ndi wa 2.5, umene ungasenze katunduyo osatentha. Koma wolumikiza mobisa amakonda kawaya kopyapyala ka 0.75, kosavuta kubisa m'denga, kamene kamatha maampu pafupifupi 6 okha. Kutentha kwa waya kumakwera mofulumira kuposa katundu wake: kuchoka pa maampu 6 kufika pa 9, kutenthako kumaposa kawiri. Pamalo popotokola paja, pokulungidwa ndi pepala la pulasitiki, m'pamene pamatentha koposa, chifukwa mawaya sanagwirane zolimba. Pulasitiki imauma, imang'aluka, mawaya amakhudzana n'kuthetheka. Ngati pamwamba pali udzu, mapaso ouma kapena matumba a chimanga, moto wayamba. Ngati waya wosendekawo wakhudza malata, denga lonse limakhala ndi magetsi, pamodzi ndi waya woyanikira zovala womangidwa ku dengalo. Amene amayamba kugwira pamenepo ndi mayi woyanika zovala zonyowa kapena mwana, osati uja analandira ndalama.

Nyumba imachenjeza zisanafike poipa, ndipo zizindikiro zake anthu azimve pamsonkhano. Fungo la pulasitiki yopserera, soketi yotentha kapena yoderera, kulira kwa tchetchetche m'khoma, mababu ophethira hotipuleti ikayaka, ndi kanyesi kakang'ono pogwira mpopi, filiji kapena chitseko chachitsulo: chilichonse mwa izi chikutanthauza kuti muthimitse swichi yaikulu ndi kuitana wodziwa ntchito amene ali ndi chiphaso cha MERA. Buleka ikamagwa pafupipafupi, sinawonongeke, ikugwira ntchito yake. Kuimanga kuti isagwe, kapena kuika waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi ya mu pulagi, n'kutsegulira moto khomo.

Mfundo yachiwiri ndiyo imachititsa kuti nkhaniyi ikhale ya pa bwalo la amfumu. Wolankhula aloze thiransifoma ndi kunena:

"Amfumu, chitsulo chili pa mapolo apocho ndi chathu tonse, ndipo chili ndi malire. Tiyerekeze kuti ndi cha makeviye 50. Chimagawa mphamvu m'mawaya atatu, ndipo waya uliwonse ungasenze pafupifupi maampu 72. Nyumba yoyatsa mababu, wailesi ndi kutchaja mafoni imakoka ampu imodzi kapena kucheperapo, choncho nyumba zambiri zimakwana. Koma mahotipuleti 8 okha a mbale ziwiri, atayaka nthawi imodzi pa waya umodzi, adzaza waya wonsewo. Wolipira amathimitsa akamaliza kuphika. Wakuba amasiya hotipuleti ili chiyakire kuti aziothera m'mwezi wa Juni. Katundu ameneyo a ESCOM samuona m'mabuku awo, ndiye sadziwa kuti pakufunika thiransifoma yaikulu."

Zotsatira zake aliyense amaziona. Madzulo mababu amafiira, filiji ya pagolosale imalira osazizira mpaka injini yake kupsa, mafyuzi a pa thiransifoma amaduka kawirikawiri. Mafuta a mkati mwa thiransifoma, amene amaiziziritsa, akatentha kwa nthawi yaitali amafooka, ndipo tsiku lina chitsulocho chimapsa. Kupeza china kumatenga nthawi. Pamenepo chigayo chaima, ometa tsitsi ndi owotcherera zitsulo atseka, ana a Sitandade 8 abwerera ku koloboyi. Palinso vuto lina: wolumikiza mwachinyengo akasokoneza waya wobwezera mphamvu, umene amisiri amati nyutulo, nyumba zina zimalandira mavoliti ochepa pomwe zina zimalandira oyandikira 400. Mukaona mababu akuwala modabwitsa kwanu pomwe kwa aneba akuzilala, thimitsani swichi yaikulu msanga ndi kudziwitsa a ESCOM, chifukwa mawailesi ndi matchaja ali pafupi kupsa.

Za lamulo zinenedwe momveka koma mwachidule. Mita ndi katundu wa ESCOM, ndipo chidindo chake saloledwa kudula wina aliyense kupatula antchito awo otumidwa. Mamita ambiri a mayunitsi amazindikira akatsegulidwa, amadzitseka, ndipo nambala yowatsegulira imachokera ku ESCOM kokha. Wopezeka amadulidwa magetsi, amalipira mphamvu imene anagwiritsa ntchito pamodzi ndi chindapusa, ndipo akhoza kukaonekera ku khoti. Kukoka waya kupatsira nyumba ya mnzako nakonso n'koletsedwa, ngakhale magetsiwo adutse pa mita, ndipo waya wokwiriridwa pang'ono m'nthaka umakumana ndi khasu kapena madzi a mvula. Wobwera kudzanena kuti ndi wa ESCOM aonetse chiphaso chake, ndipo ndalama iliyonse ilipidwe mwa njira yovomerezeka yopereka lisiti.

Komabe wolankhula asaiwale chimene chimakankhira anthu ku chinyengo: mayunitsi amatha ndalama isanapezeke. Yankho lake ndi kuwerengera pamodzi. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Mababu anayi a mawati 9, oyaka maola 5 usiku uliwonse, amadya mayunitsi osakwana 6 pamwezi. Mababu anayi akale a mawati 60 amadya mayunitsi 36 pa nthawi yomweyo. Wailesi yakanema ya mawati 60 yoyaka maola 4 patsiku imadya pafupifupi mayunitsi 7. Koma mbale imodzi ya hotipuleti yoyaka maola atatu tsiku lililonse ingafike mayunitsi 90 pamwezi. Mita si yakuba: zimene zimamaliza mayunitsi ndi zipangizo zotenthetsa, monga hotipuleti, ketulo ndi ayironi. Kunyika nyemba usiku, kuvundikira mphika, kuwiritsa madzi okhawo ofunika ndi kusita zovala zonse nthawi imodzi kumatsitsa ndalama popanda kukhudza waya. Amene akukayikira mita yake athimitse zonse, alembe mayunitsi otsala, ayang'anenso patapita ola. Ngati atsika, akadandaule ku ESCOM.

Msonkhano usabalalike anthu asanadziwe chochita ngozi ikagwa. Munthu akagwidwa ndi nyesi m'nyumba musamukhudze. Thimitsani swichi yaikulu, ndipo ngati ili kutali, imani pouma ndi kumukankha ndi mtengo wouma. Mupite naye kuchipatala ngakhale atadzuka n'kumalankhula, chifukwa mtima ndi minofu ya mkati zingavulale khungu likuoneka bwino. Moto wa magetsi suthiridwa madzi magetsi asanathimitsidwe. Gwiritsani ntchito mchenga wouma. Waya wa pa polo ukagwa pansi, mtengo wouma suthandiza. Aliyense atalikire mamita 10, ziweto zikusidwire kutali, ndipo wamkulu mmodzi aime patali kuchenjeza odutsa mpaka a ESCOM atafika. Waya wooneka wozima ungayake nthawi iliyonse.

Pomaliza, amfumu apemphedwe kuti mudzi ugwirizane zinthu zitatu tsiku lomwelo: nambala yodziwitsira a ESCOM za vuto ilembedwe pa chigayo, pa sukulu ndi pa tchalitchi kapena mzikiti, mayina a amisiri a chiphaso a m'deralo adziwike kwa onse, ndipo pasankhidwe anthu awiri kapena atatu olandira madandaulo mwachinsinsi, kuti woona waya wachilendo asaope kudana ndi mnansi. Kuulula waya wotere si kugulitsa m'bale, chifukwa amene angafe nawo ndi ana a m'bale yemweyo.