Kuyeza Chinthu Pochidula Mapisi

Wodula buledi amaona nkhope ya chipisi chilichonse. Akatswiri a masamu amapezera pomwepo voliyumu, kutanthauza malo onse amene chinthu chatenga: amawerengera kukula kwa nkhope iliyonse, nʼkuphatikiza mapisi onse opyapyalawo. Bonaventura Cavalieri wa ku Italy anafotokoza maganizowa mʼbuku lake la 1635.

Nachi chitsanzo. Tsinde la chinthu ndi lozungulira, masentimita 3 kuchoka pakati kufika mʼmphepete, ndipo chipisi chilichonse ndi sikweya yoimirira patsindepo. Pa mtunda x kuchoka pakati, mʼlifupi mwa tsinde ndi s = 2√(9 − x²). Choncho nkhope ya sikweyayo ndi s² = 36 − 4x²: yaikulu pakati, yotheratu kumapeto. Kuphatikiza mapisi kuyambira x = −3 mpaka x = 3 kumapereka 216 − 72, ndiye kuti makiyubiki sentimita 144.

Nanga mapisi akakhala theka la chozungulira? Nkhope iliyonse imakhala πs²/8, ndipo yankho limatsika kufika pa 18π, pafupifupi 56.5. Chosangalatsa nʼchakuti chinthucho ndi theka la mpira ndendende!

Apa mʼpamene ophunzira ambiri amapunthwa. Amaiwala kugawa s pawiri asanawerengere, yankho nʼkukula kanayi. Wopeza 226 abwerere pomwepo.