Mukakulitsa zilembo pafoni, n'chifukwa chiyani mawu amaduka?

Munthu akapitirira zaka 40, maso amayamba kukana tizilembo tating'ono tapafupi. Ena amagula magalasi, ena amatalikitsa mkono powerenga, ndipo ambiri amapempha mdzukulu kuti awakulitsire zilembo pafoni. Mauthenga amayambadi kuwerengeka bwino. Koma akatsegula pulogalamu ina, monga yotumizira ndalama, amapeza mawu a pabatani odukira pakati, manambala atakwerana, kapena batani lomalizira litabisala pansi pa sikirini. Ambiri amaganiza kuti foni yawonongeka, pomwe cholakwika chili m'kamangidwe ka pulogalamuyo.

Kuti timvetse bwino, titenge mafoni a Android. Opanga mapulogalamu ali ndi miyeso iwiri. Woyamba ndi `dp`, woyezera mabokosi, mabatani ndi mipata, ndipo susintha mwini foni akakulitsa zilembo. Wachiwiri ndi `sp`, woyezera zilembo, ndipo umakula kapena kuchepa malinga ndi zimene mwini foni wasankha. Vuto limabadwa pamene mawu oyezedwa ndi `sp` aikidwa m'bokosi limene msinkhu wake unakhomeredwa ndi `dp`. Mawu amakula, bokosi limakhala pomwepo.

Tiyeni tiwerengere batani limodzi. Wolipanga walipatsa msinkhu wa 48dp, umene ndi muyeso wochepetsetsa womwe Google imalangiza kuti chala chizigunda bwino. Pamwamba wasiya mpata wa 12dp, pansi 12dp, ndipo pakati patsala 24dp. Mawu ake ndi akuti "Tsimikizani ndi kutumiza ndalama", zilembo zake ndi za 16sp, ndipo mzere umodzi umadya malo a 24. Zonse zakwana ndendende, ndipo pafoni ya wolipangayo batanilo likuoneka bwino.

Tsopano mwini foni wakweza zilembo kufika pa 130 peresenti. Mzere umene unkadya 24 wayamba kufuna pafupifupi 31, koma malo ake akadali 24. Choyamba kuduka ndi michira ya zilembo monga g, j, p ndi y, komanso mitu ya zilembo zazitali. Vuto silithera pamenepo, chifukwa zilembo zimakulanso m'lifupi. Mawu aja sakwananso pamzere umodzi, ndiye lakuti "ndalama" limagwera pamzere wachiwiri. Mizere iwiri ikufuna 62, ndipo tikaphatikiza mipata ija, batani likufunika kukhala pafupifupi 86. Popeza linakhomeredwa pa 48, mzere wachiwiri umaduka kapena kusoweratu. Munthu amadina batani asanaone zonse zimene likunena.

Kwa zaka zambiri 130 peresenti ndiwo unali malire pamafoni a Pixel. Android 14, yomwe inatuluka mu 2023, inakweza malirewo kufika pa 200 peresenti. Sikuti zilembo zonse zimawirikiza mofanana: zing'onozing'ono zimakula kwambiri, pomwe mitu ikuluikulu imakula pang'ono kuti isadzaze sikirini. Izi zikutanthauza kuti wopanga pulogalamu sangathawe vutoli pongochulukitsa msinkhu wa bokosi ndi nambala imodzi. Pa iPhone nkhani ndi yomweyo. Njira yawo yotchedwa Dynamic Type, imene inayamba ndi iOS 7 mu 2013, imatha kukweza zilembo za nkhani kuchoka pa 17 kufika pa 53, kuposa katatu. Nawo malangizo a WCAG, amene mayiko ambiri amatsata pokonza masamba a pa intaneti kuti anthu olumala aziwagwiritsa ntchito, amafuna kuti zilembo zikule kufika pa 200 peresenti popanda mawu kusowa kapena batani kusiya kugwira ntchito.

Kukonza kwake nkosavuta. Telala wodziwa ntchito akamasoka yunifomu ya mwana amasiya nsalu pampindiro, podziwa kuti mwanayo akula. Bokosi nalonso liyenera kuuzidwa msinkhu wochepetsetsa wokha, n'kusiyiridwa ufulu wotalika. Pa Android, m'malo molemba kuti msinkhu ndi 48dp basi, amalemba chonchi:

```xml
android:layout_height="wrap_content"
android:minHeight="48dp"
```

Mzere woyamba ukuuza batani kuti litalike molingana ndi zimene zili m'kati mwake. Wachiwiri ukuliletsa kufupika kuposa 48dp. Kwa amene sanasinthe zilembo, batani limaoneka monga kale. Kwa amene wazikweza kufika pa 130 peresenti, limadzikulira lokha mpaka 86, ndipo mawu onse amaoneka. Opanga masamba a pa intaneti amachita zofanana: amalemba `min-height` m'malo mwa `height`, ndipo zilembo amaziyeza ndi `rem` kuti zitsate kukula kumene wowerenga wasankha.

Komabe batani likatalika limakankha zonse zili pansi pake. Fomu imene inkakwana pasikirini imodzi imasefukira, ndipo ngati tsamba silinapangidwe kuti lizitsetsereka ndi chala, batani lomaliza limakhala kunja kumene munthu sangalifikire. Ili ndiye vuto lalikulu kuposa onse, chifukwa mawu oduka munthu angathe kuwalota, koma batani losafikirika limaimitsa ntchito yonse. N'chifukwa chake tsamba lililonse lokhala ndi mawu liyenera kutsetsereka, ngakhale likuoneka lalifupi pa zilembo zanthawi zonse. Zinthu zokhala moyandikana nazo zimafuna nzeru. Mabatani awiri, lina lovomera lina lokana, amakwana mbali ndi mbali zilembo zikakhala zazing'ono, koma zikakula ndi bwino kuti lina likhale pamwamba pa linzake, lililonse litenge m'lifupi monse mwa sikirini.

Pali njira ziwiri zachidule zimene zimangobisa vutoli. Yoyamba ndi kuyeza zilembo ndi `dp`, kuti zisakule ngakhale mwini foni atazikweza. Pulogalamu imaoneka yaudongo, koma munthu amene sankaona bwino uja amabwezedwa ku tizilembo tomwe ankathawa. Yachiwiri ndi kulamula kuti mawu akhale pamzere umodzi wokha, otsalawo alowedwe m'malo ndi timadontho titatu. Pamutu wa nkhani zimenezi zingapiririke, koma pa dzina la wolandira ndalama kapena pa kuchuluka kwa ndalamazo, timadonthoto timabisa chinthu chenicheni chimene munthu amayenera kutsimikiza.

Kuyesa pulogalamu sikufuna zipangizo zapadera. Pa Android 14 lowani mu Settings, kenako Accessibility, kenako Display size and text, ndipo mukankhire Font size kumapeto. Pamafoni a makampani ena mayinawa amasiyanako pang'ono. Pa iPhone ndi Settings, Accessibility, Display & Text Size, kenako Larger Text. Mukatero, chitani ntchito imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, monga kudzaza fomu ndi kuitumiza. Yang'anani michira ya zilembo ngati yaduka, mawu ngati akwerana, ndiponso ngati mungafikire batani lomaliza kiyibodi ili yotsegula, chifukwa nayo imadya gawo lalikulu la sikirini. Yeseraninso pafoni yaing'ono, ndiponso m'chilankhulo chilichonse chimene pulogalamuyo ili nacho, popeza mawu okwana pamzere umodzi m'Chingerezi angafune iwiri m'Chichewa.

Ngati ndinu wongogwiritsa ntchito ndipo mwakumana ndi vutoli, bwezani zilembo pa kukula kwake kwa poyamba n'kutsegulanso tsamba lomwelo. Likaoneka bwino, mwadziwa kuti bokosi ndilo linakhomeredwa. Jambulani sikirini pa kukula konse kuwiri, mutumize zithunzizo kwa eni pulogalamu, mutchule mtundu wa foni ndi pamene munaika zilembo. Ndi zimenezo wokonza angalione vutolo pafoni yake, n'kupeza bokosi lenileni loyenera kumasulidwa.