Mzere wa ROC suuza dokotala zonse

Makina ambiri oyezera matenda sanena kuti "akudwala" kapena "sakudwala". Amangotulutsa nambala, ngati mmene zimakhalira poyeza shuga m'magazi, ndipo anthu ndiwo amaika malire oti kuyambira apa tinene kuti munthu akudwala. Malirewo akakwera, odwala ena amaphonyedwa. Akatsika, anthu abwinobwino amayamba kuopsezedwa. Mzere wa ROC, umene unayamba ndi akatswiri ozindikira ndege za adani pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, umaonetsa kukokanakokana kumeneku pagalafu imodzi.

Tiyerekeze kuti tayeza odwala 100 ndi anthu athanzi 100. Malire ali pamwamba, makina apeza odwala 40 ndipo anamizira athanzi awiri. Tikawatsitsa, apeza odwala 90, anamizira athanzi 10. Tikawatsitsiratu, aliyense akutchedwa wodwala. Malire alionse amatipatsa kadontho pagalafu: gawo la odwala opezeka limawerengedwa chokwera, gawo la athanzi onamiziridwa limawerengedwa cham'mbali. Timadonthoto tikatilumikiza, mzere uja watuluka. Makina abwino mzere wake umakwera msanga n'kukhotera pafupi ndi ngodya yakumwamba kumanzere, pomwe makina ongolotera mzere wake umangodutsa mopingasa.

Malo amene ali pansi pa mzerewo amatchedwa AUC. Akakwana 1 ndiye kuti makina salakwitsa, akakhala 0.5 ndiye kuti palibe chimene akudziwa. Tanthauzo lake ndi losavuta: AUC ya 0.9 ikunena kuti mukatenga mwachisawawa wodwala mmodzi ndi wathanzi mmodzi, kasanu ndi kanayi pa maulendo khumi makina adzapatsa wodwalayo nambala yokulirapo.

Vuto limabwera matenda akakhala osowa. Titenge makina omwewo, pa malire achiwiri aja, tikayeze anthu 10,000 amene 100 okha ndiwo akudwala. Apeza odwala 90, inde, koma pa athanzi 9,900 anamizira 990. Kadontho ka pa ROC sikanasunthe ngakhale pang'ono, chifukwa mzerewu sulabadira kuti odwala ndi ochuluka kapena ochepa. Komatu anthu 1,080 auzidwa kuti mwina akudwala, ndipo odwala enieni mwa iwo ndi pafupifupi 8 pa 100 alionse. Enawo sagona tulo, awononga ndalama zoyendera, ndipo adzaza mabenchi akuchipatala pachabe.

Apa m'pamene galafu ina, imene pakompyuta imalembedwa kuti `precision-recall`, imathandiza kwambiri. Cham'mbali imasonyeza gawo la odwala opezeka, koma chokwera imayankha funso limene namwino ali nalo: mwa anthu amene makina awaloza, ndi angati akudwaladi? Pamenepa 8 uja amaonekera poyera, sabisalanso. Poiwerenga musayembekeze 0.5 kwa makina ongolotera. M'chitsanzo chathuchi angapeze 0.01, molingana ndi kuchepa kwa odwala.

Choncho wina akakutamandirani makina ake kuti ali ndi AUC ya 0.9, mufunseni kaye kuti matendawo ndi ofala bwanji pakati pa anthu amene mukufuna kuwayeza.