Mtengo wa nambala imodzi: momwe akatswiri amayezera chithandizo cha anthu oona zoopsa

Munthu amene wapulumuka ngozi ya pamsewu, nkhondo, kugwiriridwa kapena madzi osefukira ngati a namondwe wa Freddy mu 2023 nthawi zina amatsala ndi bala losaoneka. Amalota zoopsa, amadzidzimuka ndi phokoso laling'ono, amazemba malo amene zinachitikira, ndipo chochitikacho chimamubwerera m'maganizo ngati chikuchitika lero. Zimenezi zikapitirira mwezi n'kumamulepheretsa kugwira ntchito, madokotala amazitcha PTSD. Chithandizo chimene bungwe la zaumoyo padziko lonse linalimbikitsa mu 2013 ndi cha kukambirana: wodwala amakumana ndi mlangizi wophunzitsidwa kangapo, n'kuyang'anizana ndi chikumbukiro chija pang'onopang'ono mpaka chitasiya kumulamulira.

Koma boma kapena chipatala chisanaike ndalama pophunzitsa alangizi, chimafunsa kuti chithandizochi chimathandiza kwambiri bwanji. Yankho limachokera ku ntchito yotchedwa meta-analisisi, dzina limene Gene Glass anayambitsa mu 1976. Ofufuza amasonkhanitsa kafukufuku yense amene anagawa odwala mwamayere m'magulu awiri, lina lolandira chithandizo ndi lina loyerekezera, n'kuphatikiza zotsatira zake kukhala nambala imodzi. Nambalayo imatha kunamiza pa zifukwa ziwiri: kafukufuku wophatikizidwayo amasiyana kwambiri, ndipo wina sapezeka n'komwe chifukwa sanasindikizidwe. Choncho ofufuza osamala amalemba ndondomeko ya momwe adzachitire ndi mavuto awiriwa asanaone zotsatira, n'kuilembetsa m'kaundula wa PROSPERO amene Yunivesite ya York inatsegula mu 2011. Akatero sangathenso kusankha njira yowerengera imene ikuwapatsa yankho lowakomera.

Muyeso umodzi wa onse

Choyamba m'ndondomeko ndi muyeso. Kafukufuku wina amagwiritsa ntchito CAPS-5, mafunso amene katswiri amafunsa wodwala pamaso, pomwe wina amagwiritsa ntchito PCL-5, fomu ya mafunso 20 imene wodwala amadzaza yekha. Palinso miyeso ina yakale. Kuti zonsezi ziphatikizike, kusiyana kwa magulu awiri kumagawidwa ndi kukula kwa kusiyana kumene kumapezeka pakati pa odwala okhaokha. Ngati odwala amasiyana ndi mapointi pafupifupi 15, ndipo gulu lothandizidwa latsika mapointi 15 kuposa linzake, nambala yake ndi 1.0. Mwachizolowezi 0.2 amati ndi phindu lochepa, 0.5 lapakati, 0.8 lalikulu.

Ndondomeko iyenera kunena muyeso umene udzatengedwe ngati kafukufuku ali ndi iwiri, komanso nthawi yake: pomaliza chithandizo kapena patatha miyezi ingapo. Popanda lamuloli, dzanja la wofufuza limathamangira lokha ku nambala yaikulu.

Chifukwa chake zotsatira zimasiyana

Taonani kafukufuku awiri enieni a mu Afirika. Mu 2004 Frank Neuner ndi anzake anasindikiza za anthu 43 othawa nkhondo ku Sudan amene ankakhala ku Uganda, ndipo ena mwa iwo ankafotokoza mbiri ya moyo wawo mwatsatanetsatane kwa mlangizi. Mu 2013 Judith Bass ndi anzake anasindikiza za amayi 405 ochitiridwa nkhanza zogonana kummawa kwa Congo, amene ena ankathandizidwa m'magulu, ndipo mayere anagwera midzi yathunthu osati munthu payekha. Onsewa ndi kafukufuku wa PTSD, monganso wa asilikali opuma a ku America, koma anthu ake, zoopsa zimene anaona, alangizi ndi kutalika kwa chithandizo n'zosiyana. Zili ngati kuyesa mbewu imodzi ya chimanga ku Dedza ndi ku Nsanje: mukhoza kupeza avareji ya zokolola, koma mlimi wa ku Nsanje akufuna kudziwa za munda wake.

Chifukwa cha ichi ndondomeko yabwino imasankha chiwerengero chimene chimavomereza kuti phindu lenileni limasiyana malo ndi malo, ndipo nambala yomaliza ndi avareji chabe ya maphindu osiyana. Kukula kwa kusiyanako ambiri amakulemba ndi I², muyeso wa Julian Higgins ndi Simon Thompson wa mu 2002. Umanena gawo la kubalalika kwa zotsatira limene silingafotokozedwe ndi mwayi wokha. Koma suuza owerenga kuti phindu limatsika kufika pati ndi kukwera kufika pati. Chimene chimanena zimenezo ndi malire olosera, ndiko kuti kumene phindu lenileni likhoza kugwera chithandizochi chitaperekedwa pamalo atsopano.

Chitsanzo chongoyerekeza

Tiyerekeze kuti tapeza kafukufuku 20. Titaphatikiza, tapeza 1.0, ndipo malire okhulupirika a avarejiyo ndi 0.7 mpaka 1.3. Wolemba nkhani wofulumira akhoza kulengeza kuti chithandizochi n'champhamvu paliponse. Koma I² yatuluka 80 peresenti, ndipo maphindu enieni amatalikirana ndi avareji ndi pafupifupi 0.6. Tikawerengera malire olosera, tikupeza kuyambira -0.3 mpaka 2.3. Tanthauzo lake ndi lakuti pamalo ambiri chithandizochi chimathandiza, pena kwambiri ndithu, koma sitingalonjeze chipatala chatsopano kuti sichidzapeza phindu la ziro.

Tsopano titsegule ndondomeko. Inanena kale kuti tidzagawa kafukufuku potengera gulu loyerekezera. Mwa 20 aja, 12 anayerekeza chithandizo ndi anthu ongolembedwa pamndandanda n'kuuzidwa kuti adikire, ndipo avareji yawo ndi 1.3. Enawo 8 anayerekeza ndi uphungu wamba, momwe wodwala amakhala ndi munthu womumvetsera kwa maola ofanana, ndipo avareji yawo ndi 0.5. Apa zikuoneka kuti 1.0 uja anali kuyankha mafunso awiri osiyana nthawi imodzi. Funso lakuti "kodi chithandizochi chimaposa kudikira?" lili ndi yankho lalikulu. Funso lakuti "kodi chimaposa uphungu umene tili nawo kale?" lili ndi yankho lapakati, ndipo limeneli ndi limene mkulu wa zaumoyo wokhala ndi ndalama zochepa akufunsa.

Kugawa koteroko kuli ndi msampha wake. Wofufuza akagawa kafukufuku m'njira 15, potengera dziko, zaka, chaka chosindikiza ndi zina, njira imodzi ikhoza kuoneka yofunika mwamwayi chabe. Ndondomeko imatchuliratu zifukwa zochepa, zitatu kapena zinayi, monga gulu loyerekezera, mtundu wa zoopsa, ndiponso ngati woyeza odwala ankadziwa gulu limene wodwala anali. Malangizo a bungwe la Cochrane amati pakhale kafukufuku pafupifupi 10 pa chifukwa chilichonse chimene chikuunikidwa. Imanenanso chochita ndi odwala osiyira panjira. Kukumbukira zoopsa kumawawa, ena amasiya, ndipo kuwerenga okhawo amene anamaliza kumakometsa chithandizo.

Kafukufuku wotsekeredwa m'dirowa

Vuto lachiwiri ndi limene Robert Rosenthal analilongosola mu 1979: kafukufuku amene sanapeze phindu amatsalira m'dirowa, chifukwa mwini wake wagwa ulesi kapena magazini a sayansi sanamufune. Umboni wooneka bwino pa chithandizo cha kukambirana unachokera ku matenda a kukhumudwa. Mu 2015 Ellen Driessen ndi anzake anatsatira ndalama 55 za kafukufuku zimene bungwe la boma la America loona za kafukufuku wa zaumoyo linapereka, ndipo anapeza kuti 13 sizinatulutse chosindikizidwa. Atawonjezera zotsatira zosasindikizidwa zimene anazipeza, phindu linatsika kuchoka pa 0.52 kufika pa 0.39. Chithandizo chinali chothandizabe, koma gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu yake linali la papepala pokha.

Njira yodziwika younikira vutoli ndi chithunzi cha fanulo. Kafukufuku aliyense amakhala kadontho: wamkulu pamwamba, wamng'ono pansi. Wamng'ono amabalalika kwambiri, choncho madontho ayenera kutambasuka mofanana mbali zonse ngati fanulo yozondoka. Ngati ngodya ya pansi ya kumbali ya phindu lochepa ili yopanda kanthu, pali chokayikitsa. Matthias Egger anapereka njira yoyezera kupendekera kumeneku mu 1997, ndipo siidalirika ngati kafukufuku sakwana 10.

Tibwerere ku chitsanzo chathu. Fanulo ya onse 20 yapendekera. Kodi ndiye kuti pali zobisidwa? Mwina ayi. Tikayang'anitsitsa, kafukufuku wamng'ono wambiri ndi yemwe uja wa anthu odikira, ndipo phindu lake n'lalikulu pa chifukwa chimene tachidziwa kale. Apa mavuto awiri aja alukana, ndipo ndondomeko yanzeru inaoneratu: fanulo ijambulidwe payokha pa gulu lililonse. Pa 12 aja kuyeza n'kotheka. Pa 8 aja n'kosatheka, ndipo lipoti liyenera kunena choncho mosabisa m'malo monena kuti vuto palibe. Ndondomeko imachenjezanso kuti pa muyeso wa mtundu uwu njira ya Egger yosakonzedwa imatha kuonetsa kupendekera kumene kulibe, choncho pamafunika mtundu wake wotengera chiwerengero cha odwala.

Pali njira zina zoyerekezera kafukufuku wosowayo n'kuwerengeranso, monga ya Sue Duval ndi Richard Tweedie ya mu 2000, koma imasokonezeka kusiyana kukakhala kwakukulu. Zotsatira zake zimangoonetsa momwe yankho lingagwedezekere. Choposa zonse ndi kupita kukafuna zosowazo. Ofufuza amasanthula makaundula monga ClinicalTrials.gov ndi PACTR wa mu Afirika, amawerenga mapepala a ophunzira a digiri, ndipo amalembera eni kafukufuku amene analembetsedwa koma sanatuluke. M'chitsanzo chathu, tinene kuti apeza anayi a anthu odikira, avareji yawo 0.5. Powaphatikiza ndi 12 aja mofanana, 1.3 watsika kufika pa 1.1.

Zimene owerenga angafunse

Zoterezi zimachitikadi. Kuunika kwa Cochrane kwa mu 2013, kotsogoleredwa ndi Jonathan Bisson, kunaphatikiza kafukufuku 70 wa anthu 4,761. Kunapeza kuti chithandizo choyang'anizana ndi chikumbukiro, komanso njira ya EMDR, zimaposa kudikira kapena chisamaliro cha masiku onse. Komabe olembawo anati umboniwo ndi wa mlingo wotsika kwambiri, mwa zina chifukwa kafukufuku wambiri anali wamng'ono ndiponso wosakonzedwa bwino. Mfundo ziwirizi sizitsutsana: mbali imene phindu lili ndi yodziwika, kukula kwake ndiko kosakhazikika.

Choncho mukamva kuti kuphatikiza kafukufuku kwatsimikiza kuti chithandizo chakuti n'champhamvu, funsani mafunso anayi. Kodi ndondomeko inalembetsedwa zotsatira zisanaoneke? Kodi chithandizocho chinayerekezedwa ndi chiyani? Kodi malire olosera akufika pa ziro? Ndipo kodi ofufuza anapeza kafukufuku angati wolembetsedwa amene sanasindikizidwe? Lipoti lochitidwa mosamala limayankha onse anayi m'masamba ake oyambirira, ndipo wokonza bajeti ya alangizi ayenera kuwerengera pa nambala ya gulu lofanana ndi chithandizo chimene chipatala chake chikupereka kale.