Mankhwala a ufa a ana: madzi ake, muyeso wake ndi masiku ake

Mwana akapezeka ndi chibayo kapena mafinya m'khutu, kholo nthawi zambiri limachoka pawindo la mankhwala ndi botolo lomwe mkati mwake muli ufa wochepa pansi. Kufamase kwina amasungunula okha mukuona. Kwina amangokuuzani kuti "mukathire madzi mpaka pamzerepo," uku anthu ena ambiri akudikira kumbuyo kwanu. Zikatero, ntchito yotsiriza yopanga mankhwalawo yagwera inu, ndipo mphamvu ya mankhwala amene mwana amwe idalira madzi amene muthire, chida chimene muyezere, ndi malo amene botololo likhale.

Mankhwala ofala kwambiri a mtunduwu ndi amokisisilini, a m'gulu la penisilini. Amabwera ali ufa chifukwa sakhalitsa akakumana ndi madzi. Ufa wouma wotsekedwa bwino umatha kukhala zaka ziwiri kapena kuposerapo, koma madzi akangolowa, mankhwalawo amayamba kufooka pang'onopang'ono, ndipo kukatentha amafooka msanga. N'chifukwa chake tsiku lothera ntchito lolembedwa pakatoni limanena za ufa wokha. Botolo losungunula limakhala ndi masiku akeake, ndipo ndi ochepa.

Tiyambe ndi madzi. Wiritsani madzi akumwa, muwasiye azizire ndithu, osati kungofunda. Madzi otentha amawononga mankhwala, ndipo madzi ongotunga pachitsime angalowetse tizilombo m'botolo lomwe mwana wodwala azimwamo kwa masiku angapo. Tiyi, mkaka kapena zakumwa zotsekemera sizilowa m'malo mwa madzi.

Musanatsekule, gogodani botolo pachikhatho ndi kuligwedeza kuti ufa womwe wagwirana pansi umasuke. Ufa ukakhala kuti waumbika ngati mwala kapena wasintha mtundu, chinyezi chinalowa kale, ndipo botololo libwerere komwe munalitenga. Kenako pezani mzere. Mabotolo ena mzerewo uli papepala, ena ndi kamzere kotukuka pabotolo penipeni, kosavuta kukaphonya m'nyumba ya mdima. Thirani madzi kawiri. Koyamba thirani ofika pafupifupi theka la pamzere, tsekani, khutchumulani mwamphamvu mpaka ufa wonse utachoka pansi ndi m'mbali. Ikani botolo patebulo, dikirani kuti thovu litsike, weramani kuti maso anu afanane ndi mzerewo, ndipo onjezerani madzi pang'onopang'ono mpaka afike pamenepo. Tsekani, khutchumulaninso.

Chifukwa chothirira kawiri n'chakuti ufa wouma umatenga malo ambiri, koma ukanyowa umatsika. Amene athira kamodzi n'kusiya amapeza kuti madzi atsika pansi pa mzere, ndipo mankhwala amakhala olimba kuposa muyeso. Komanso botolo lolembedwa kuti mamililita 100 silifuna madzi okwana mamililita 100. Ufa nawo uli ndi gawo lake, ndipo kampani iliyonse imalemba kuchuluka kwa madzi ofunika pa botolo lake. Tsatirani mzere kapena nambala yolembedwayo, osati zomwe munachita ndi botolo lina chaka chatha.

Kuchulutsa madzi ndiko kumandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa maso sangakuuzeni kuti mwalakwitsa. Botolo lolembedwa 125 mg/5 ml la mamililita 100 lili ndi mankhwala okwana mamiligalamu 2,500 onse pamodzi. Mukadzaza kupyola mzere mpaka zonse zifike mamililita 125, mamililita 5 aliwonse amakhala ndi mamiligalamu 100 m'malo mwa 125. Ndiye kuti nthawi iliyonse mwana akumanidwa gawo limodzi mwa magawo asanu, ngakhale mayi ake akumumwetsa mokhulupirika m'mawa ndi madzulo. Madzi akapyola mzere moonekeratu, musakhuthule ena kuti zitsike, pakuti zomwe zatsalazo zikhalabe zosukuluka. Bwererani nalo botolo mukafotokoze.

Tsopano tione chitsanzo cha mwana wa miyezi isanu ndi iwiri, wolemera makilogalamu 8, yemwe wapezeka ndi chibayo. Malangizo a Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse a 2014 amati mwana wa miyezi 2 mpaka 12, wolemera makilogalamu 4 mpaka pafupifupi 10, alandire mamiligalamu 250 a amokisisilini kawiri pa tsiku. Tinene kuti dokotala walemba masiku 5. Mankhwalawa amapezeka m'mabotolo a mphamvu ziwiri zomwe zimafanana kwambiri kunja: 125 mg/5 ml ndi 250 mg/5 ml. Ngati mayi apatsidwa loyambalo, mwana amwa mamililita 10 m'mawa ndi 10 madzulo, ndipo botolo la mamililita 100 litha ndendende pa tsiku lachisanu. Ngati apatsidwa lachiwirilo, mwana amwa mamililita 5 okha nthawi iliyonse, ndipo theka la botolo litsala.

Apa ndi pamene mawu oti "ndinkamupatsa supuni imodzi" amasocheretsa. Mayi amene anazolowera mamililita 5 a botolo lamphamvu akapatsidwa botolo linalo n'kupitiriza muyeso wakale, mwana amalandira theka la mankhwala ake. Choncho musanachoke pawindo funsani mafunso atatu: mamililita angati, kangati pa tsiku, kwa masiku angati. Apempheni alembe pabotolo. Masamu omwewa angakuthandizeninso kudziyesa. Kwa mwana uja wa mamililita 10, akamwa m'mawa wa tsiku lachitatu botolo liyenera kukhala litafika pakati. Ngati likadali pafupi kudzaza, kapena latsala pang'ono kutha, muyeso ukulakwika penapake.

Supuni za m'khitchini si muyeso. Zina sizikwana mamililita 3, zina zimapyola 7, ndipo mwana wolira akagunda dzanja, theka limathera pamalaya. Kakapu kobwera ndi botolo n'kabwinoko, bola mukaike pamalo osalala poyeza. Koma chida chodalirika ndi sirinji yopanda singano, yomwe mungaipemphe kuchipatala kapena kugula kufamase. Pemphani akuonetseni mzere woyenera, ngakhale kuuika chizindikiro ndi cholembera. Pokoka mankhwala, onetsetsani kuti mulibe mpweya mkati. Mukaona thovu lalikulu, bwezerani n'kukokanso.

Khutchumulani botolo nthawi iliyonse musanayeze. Ufawu susungunukiratu ngati shuga, umangoyandama m'madzi, ndipo botolo likakhala chilili umatsikira pansi. Wosakhutchumula amapatsa mwana zamadzimadzi masiku oyamba, pamene matenda ali pachimake, n'kudzamupatsa zolimba kwambiri kumapeto.

Mukhazikeni mwana pamiyendo, mutu uli m'mwamba. Lowetsani nsonga ya sirinji m'mbali mwa kamwa kuloza tsaya, ndipo kankhani pang'onopang'ono kuti azimeza yekha. Kumugoneka chagada, kumutsina mphuno ndi kumuthira mankhwala kukhosi ndi chizolowezi chomwe ndikanakonda chitatheratu, chifukwa mwana angatsamwe, mankhwala n'kulowera kumapapo komwe akudwala kale. Musathirenso mankhwala m'mbale yonse ya phala, poti mwana wodwala samaliza chakudya ndipo simungadziwe kuti wamwa ochuluka bwanji. Akasanza pasanathe mphindi 30 chimwereni, langizo lofala ndi loti mumupatsenso muyeso womwewo. Akasanza patapita nthawi yoposa apo, dikirani nthawi yotsatira. Mukaiwala, mupatseni mukangokumbukira, koma osaphatikiza miyeso iwiri nthawi imodzi. Mwana wosanza chilichonse, wolephera kuyamwa, wobanika, wotupa milomo kapena nkhope, kapena wotuluka zidzolo thupi lonse atamwa mankhwalawa, apite kuchipatala nthawi yomweyo. Chimodzimodzi amene sakusintha patatha masiku awiri kapena atatu.

Tsiku lomwe mwathira madzi, lembani detilo pabotolo. Mabotolo ambiri a amokisisilini amati atayidwe pakatha masiku 7, ena amalola 14 ngati ali mufiriji. Werengani lanulo. Mufiriji muli bwino, koma osati mbali youmitsa madzi. Pali mtundu wina, amokisikilavu, womwe ndi amokisisilini wophatikiza ndi mankhwala achiwiri. Umenewu sufuna masewera: uyenera kukhala mufiriji, chifukwa gawo lachiwirilo limawonongeka msanga pakatentha, ndipo nthawi zambiri mtundu wake umada n'kukhala wachikasu kwambiri kapena wofiirira. Kilarithiromaisini ndiye wosiyana, salowa mufiriji. Choncho palibe lamulo limodzi la mabotolo onse.

Nanga amene alibe firiji, kapena magetsi amazimazima? Muuzeni wopereka mankhwala poyambirira pomwe, makamaka ngati akupatsani amokisikilavu. Kwa amokisisilini wamba, pezani malo ozizira kwambiri m'nyumba. Tsekani botolo zolimba, likulungeni m'pepala lapulasitiki, muliike mumphika wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa, pamthunzi pomwe ana safikapo. Pawindo, pafupi ndi mbaula kapena pamwamba pa khoma kunsi kwa malata si malo ake, makamaka mu Okutobala, ndipo kwa anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje mawuwa ndi ofunika kwambiri. Funsaninso ngati pali amokisisilini wa mapiritsi osungunuka m'madzi, monga amene alangizi a zaumoyo amapereka m'zipatala za m'midzi. Piritsi limasungunulidwa nthawi yomweyo m'timadzi tochepa taukhondo kapena mkaka wa m'mawere, ndipo za mzere ndi firiji sizikhalapo.

Mwana amwe masiku onse amene dokotala walemba, ngakhale ayambe kusewera pa tsiku lachiwiri. Akakwana masikuwo, lekani, ngakhale m'botolo mutatsala. Theka lija la botolo la 250 mg/5 ml si chizindikiro choti mwalakwitsa, ndipo si la mng'ono wake akadzayamba kutsokomola.

Kutaya mankhwala amene munagula ndi ndalama zovuta kupeza kumawawa, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake mabotolo otere amakhala m'kabati miyezi. Koma mankhwala a mwezi watha afooka kale ngakhale akununkhira bwino, ndi osakwanira kumaliza matenda, ndipo muyeso wake unali wa mwana wina wa sikelo ina. Chimfine ndi chifuwa chambiri cha ana zimayamba ndi mavairasi, omwe amokisisilini sawakhudza n'komwe. Zomwe mankhwala otsalawo amachita ndi kupha tizilombo tofooka m'thupi la mwana n'kusiya tolimba, tomwe sitidzamva mankhwala tsiku limene adzafunikedi. N'chimodzimodzi kuthira zotsalazo m'madzi a nkhuku: chitopa nacho n'cha vairasi, ndipo nkhuku sizichira nazo.

Njira yabwino ndi kubweza botolo kufamase kapena kuchipatala ngati amalandira. Ngati salandira, musakhuthulire m'ngalande, kubafa kapena pafupi ndi chitsime. Thirani zotsalazo m'jumbo momwe muli dothi kapena phulusa kuti ziume ndi kusiya kukopa, mangani zolimba, ndipo zipite m'zinyalala zotengedwa kapena pansi penipeni pa dzenje la zinyalala, n'kukwirira. Mankhwalawa amawatsekemeretsa dala kuti ana asawakane, ndiye mwana woyenda akapeza botolo amatha kumwa lonse. Botolo lopanda kanthulo lichotseni pepala la dzina la mwana ndipo litayidwe lotseka, lisasanduke choseweretsa kapena chosungira mafuta. Sirinji yokha ndiyo mungaisunge, mutaitsuka ndi sopo ndi madzi aukhondo n'kuiumitsa.